Mzere wa 23

Lamlungu madzulo, pa 19 Meyi 2024, ndinakhala pakhonde kwathu ku Bangwe ndikuwerenga kaundula wa anthu amene tinawayeza tsiku limenelo. Dipatimenti ya zaumoyo ya mpingo wathu inakonza zoyeza anthu kuthamanga kwa magazi kwaulere. Pa 17 Meyi chaka chilichonse ndi tsiku lokumbukira matendawa pa dziko lonse, koma chaka chimenecho tsikulo linagwa Lachisanu, lokonzekera Sabata, choncho tinasunthira ku Lamlungu. Anabwera anthu 64, ndipo ndinali wokhutira mpaka chala changa chinafika pa mzere wa 23.

Pa mzerewo panalembedwa mwaukhondo kuti: bambo, zaka 58, telala, Limbe, 196/118. Kumapeto kwa mzere, pamalo olemba zimene tachita, panalibe kanthu. Panalibenso nambala ya foni. Munthu amene magazi ake anali kuthamanga kwambiri chotere anakhala pampando wathu, tinamuyeza, tinamulemba, n'kumulola kupita kwawo ngati palibe chachitika.

Amene anagwira makina tsiku limenelo anali mlongo wachitsikana wa mumpingo mwathu, amene anali atangolemba mayeso a Fomu 4 chaka chapitacho. Ndi mwana wodekha, wosachedwa pa ntchito, ndipo ndi ine ndemwe ndinamupempha kuti alowe m'gulu lathu. Ndinamuimbira foni nthawi yomweyo. Sindinayambe n'kumupatsa moni.

"Iwe, nambala imeneyi sunaione?"

Anakhala chete pang'ono, kenako anati: "Ndinaiona, amayi. Munati ndiziyeza n'kumalemba."

Ndinadula foni mtima uli m'mwamba. Koma usiku wonse mawu akewo sanandichoke, chifukwa anali oona. Ndinayesa kukumbukira zimene ndinamuuza m'mawa uja, ndipo ndinazikumbukira bwinobwino. Ndinali nditanyamula mabenchi, abusa akundiitana uku, amayi a Dorika akufunsa za madzi akumwa uko. Ndinamugwira paphewa n'kunena kuti: "Achemwali, mwina mungathandizeko pathebulo la bipi apo, muziyeza n'kumalemba." Ndinamuonetsa momangira lamba pamkono ndi batani loti adine. Iye anati, "Chabwino, amayi." Zonse zinatenga nthawi yosakwana mphindi imodzi.

Mawu amenewo anali aulemu, ndipo palibe amene akanandidzudzula atawamva. Koma taonani zimene zinali m'katimo. "Mwina" amasonyeza kuti sindikukakamiza. "Mungathandizeko" amauza munthu kuti ntchitoyo ndi ya wina, iye akungoikapo dzanja. Ndiye mwini wake wa thebulo lija anali ndani? Ine ndinachoka ndikuganiza kuti ndalisiya m'manja mwake. Iye anakhala akuganiza kuti mwini wake ndine, ndipo ndibwera kudzaona manambala. Kwa maola anayi thebulo linalibe mwini, ngakhale panali munthu wakhama atakhalapo.

Panalinso chinthu chachikulu chimene sindinatchule n'komwe: cholinga cha ntchitoyo. Sitinkayeza anthu kuti tidzaze kaundula. Tinkafuna kupeza amene magazi awo akuthamanga iwo osadziwa, kuti apite kuchipatala. Kafukufuku amene anachitika m'dziko muno m'chaka cha 2009 anapeza kuti pafupifupi munthu wamkulu mmodzi mwa atatu aliwonse ali ndi vutoli, ndipo ambiri samva kupweteka kulikonse mpaka tsiku limene ziwalo zafa mbali imodzi. Ine zimenezi ndimazidziwa chifukwa ndakhala m'gulu la zaumoyo zaka zambiri ndipo anamwino a mumpingo mwathu atiphunzitsa kangapo. Kwa ine 196/118 ndi belu la ngozi. Kwa mtsikana amene wangogwira makina koyamba, ndi nambala yokulirapo kuposa zinzake, basi.

Lolemba m'mamawa ndinayenera kumuimbiranso, chifukwa ndi iye yekha amene ankaidziwa nkhope ya bambo aja. Ulendo uno ndinayamba ndi moni, ndinapepesa chifukwa cha mmene ndinalankhulira usiku, ndipo ndinamupempha kuti tipite limodzi ku Limbe. Tili mu minibasi anandiuza chinthu chimene chinandichititsa manyazi koposa. Anati ataona nambala ija anakayikira, ndipo anadzuka kudzandifuna. Anandipeza ndikulankhula ndi akulu a mpingo. Anaima chapatali kudikira kuti ndimuone, koma sindinacheuke. Pamzere panali anthu akudandaula kuti akuchedwa, ndiye anabwerera. Pofika pathebulo, bambo aja anali atapita.

Timakonda kunena kuti safunsa anadya phula. Koma mwana woleredwa bwino kwathu kuno sadula mawu akuluakulu akamalankhula. Tinamuphunzitsa tokha zimenezo kuyambira ali wamng'ono. Ngati ndikufuna kuti tsiku lina adzandidule mawu pamaso pa akulu a mpingo, ndiyenera kumupatsa chilolezocho ndi pakamwa panga, ntchito isanayambe. Kupanda kutero, ulemu wake womwewo ndi umene udzamutseke pakamwa.

Tinayenda m'makonde a masitolo a mu Limbe, kumene matelala amakhala ndi makina awo, kuyambira kufupi ndi msika. Patapita nthawi yoposa ola limodzi, mtsikanayo anandikoka dzanja. Bambo aja anali akusoka yunifolomu ya sukulu, ali bwinobwino, ndipo anadabwa kutiona. Anati mutu umawawawa masiku ena koma amangomwa panado. Tinawafotokozera, ndipo anavomera kutseka makina n'kupita nafe kuchipatala. Kumeneko anawayezanso kawiri, nambala inali idakali pamwamba, ndipo anawayambitsa mankhwala tsiku lomwelo. Ndikuthokoza Mulungu kuti zinatha choncho. Koma sindingadzitame nazo, chifukwa chimene chinatithandiza kuwapeza ndi mawu awiri okha amene mtsikanayo analemba mwa nzeru zake: telala, Limbe.

Kuchokera pamenepo ndinayamba kumvetsera mmene ndimatumira anthu, ndipo ndinapeza kuti ndinali ndi njira ziwiri zokha. Zinthu zikakhala bwino ndinkazungulira: "Ndimati mwina mukapeza mpata muoneko zakutizakuti." Zinthu zikavuta ndinkalumphira mbali ina: "Iwe, tachita zakuti msanga." Njira yoyamba inali ndi ulemu koma munthu sankadziwa chochita. Yachiwiri inali yomveka koma inkamuchotsera munthu ulemu. Onaninso kuti m'mawa uja mtsikanayo anali "achemwali" ndi "inu", koma atalakwitsa anasanduka "iwe". Zinali ngati ulemu wanga ndi malipiro amene ndimapereka kwa munthu akandisangalatsa, n'kumulanda akandikhumudwitsa.

Ndinkaganiza kuti ulemu ndi kumveka bwino zimalimbana, kuti ukawonjezera china, chinzake chimachepa. Tsopano ndikuona kuti chilichonse chili ndi malo ake m'mawu. Ulemu umapita kwa munthu: moni, "inu", kumupempha, kumufunsa ngati ali ndi mpata, kumuuza chifukwa chake mwasankha iye, kumuthokoza. Kumveka bwino kumapita ku ntchito: chochita, nthawi, nambala, malire, ndi woti amuitane zikavuta. Vuto langa linali loti ndinkathira "mwina" ndi "-ko" pa ntchito yeniyeniyo. Chichewa chathu chili nayo kale njira yolamula mwaulemu popanda kuzungulira. "Muyeze kawiri" ndi mawu aulemu, ndipo ndi omveka. "Mwina mungayezekonso" sawonjezera ulemu uliwonse, amangosiya khomo lotseguka kuti munthu asayeze.

Mpata wokonza unabwera pa msonkhano wa misasa chaka chomwecho, pamene tinapemphedwa kuyezanso anthu. Ndinakhala pansi ndi anamwino athu n'kugwirizana malire a manambala, chifukwa ine si dokotala ndipo sindingatume munthu ndi malire ongopeka. Kenako ndinamuitana mtsikana yemwe uja kutatsala tsiku limodzi, osati m'mawa wa tsikulo anthu ali kale pamzere. Tinakhala pabenchi awiriwiri, makina ali pakati pathu. Ndinayamba chonchi:

"Achemwali, ndili ndi pempho. Mawa kuyambira 8 koloko m'mawa mpaka 12 koloko masana ndikufuna thebulo la bipi likhale m'manja mwanu. Ndasankha inu chifukwa mumalemba mosamala, ndipo zimene munalemba tsiku lija ndi zimene zinatithandiza kuwapeza bambo aja. Kodi nthawi imeneyi muli ndi mpata?"

Ndinadikira yankho. Funso limeneli si lokongoletsa mawu. M'gulu la ongodzipereka palibe amene amalandira malipiro, ndipo munthu ali ndi ufulu wonena kuti mawa ali ndi zina. Kuli bwino ndimve "ayi" lero kusiyana ndi kupeza mpando wopanda munthu mawa. Atavomera, ndinasiya kupempha n'kuyamba kufotokoza.

"Cholinga chathu ndi kupeza anthu ofunika kupita kuchipatala. Munthu akafika, akhale pampando mphindi zisanu musanamuyeze. Atsamire msana, mapazi onse pansi, mkono ugone pathebulo molingana ndi pamtima. Lamba mumange pakhungu, osati pamwamba pa juzi, ndipo asalankhule makina akamayeza. Muyeze kawiri, mosiyanitsa ndi mphindi imodzi kapena ziwiri, ndipo mulembe zonse ziwiri. Pa makina pamatuluka manambala atatu. Ya pamwamba, yolembedwa SYS, ndi yapakati, yolembedwa DIA, ndi zimene tikufuna. Yapansi, yolembedwa PUL, ndi kugunda kwa mtima, ili ndi danga lakelake. Aliyense mumufunse nambala ya foni ndi kumene amakhala, ngati walola."

Kenako ndinafika pa gawo limene ndinalisiya mu Meyi muja.

"Nambala ikakhala pansi pa 140 ndi 90, muwauze manambala awo, muwathokoze, azipita. Zimenezo ndi zanu, simufunika kundifunsa. Ikafika 140 kapena 90, muwalembere pakapepala ndi kuwauza kuti akayezetsenso kuchipatala sabata yomweyi, atatenga kabuku kawo ka kuchipatala. Zimenezonso ndi zanu. Koma ikafika 180 kapena 110, munthuyo asachoke pampando. Mutume aliyense amene ali pafupi adzandiitane ine kapena anamwino. Chimodzimodzi munthu akanena kuti mutu ukumuwawa kwambiri, pachifuwa pakupweteka, sakuona bwino, kapena mkono wachita dzanzi: musadikire nambala, muitane. Ngakhale mundipeze ndikulankhula ndi abusa, mundidule mawu. Ndakupatsani chilolezo ndine, ndipo ndiwauziratu iwonso."

Ndinawonjezera chimodzi chimene sayenera kuchita: "Musamuuze munthu kuti ali ndi matenda a bipi, ndipo musatchule mankhwala. Kuyeza kwa tsiku limodzi sikokwanira kunena kuti munthu ali ndi matendawa. Zimenezo ndi za achipatala."

Mukawerenga mawu amenewa muona kuti mulibe "mwina" ngakhale mmodzi, koma mulibenso mawu onyoza. Ndinagawa ntchito patatu: zimene angamalize yekha, zimene ayenera kuitana wina, ndi zimene si zake n'komwe. Nzeru imeneyi si yatsopano. Pa Eksodo 18 timawerenga za Yetero akulangiza Mose kuti aike atsogoleri a anthu zikwi, mazana, makumi asanu ndi khumi. Nthawi zambiri tikamaphunzira ndimeyi timagogomeza kuti Mose anatopa ndipo anafunika omuthandiza. Chimene ndinayamba kuchiona nditabwera ku Limbe kuja n'chakuti Yetero ananenanso malire: milandu ing'onoing'ono aweruze okha, ikuluikulu apite nayo kwa Mose. Kutuma kopanda malire oterowo n'kungomutula munthu katundu pamutu n'kuthawa.

Nditamaliza kufotokoza, ndinatsala pang'ono kufunsa funso lachizolowezi lija: "Mwamva?" Funso limeneli lili ndi yankho limodzi lokha kwa wamng'ono amene akulankhula ndi wamkulu. Adzati "Ndamva, amayi," kaya wamva kaya sanamve, chifukwa kunena kuti sanamve kuli ngati kunena kuti wamkuluyo sanafotokoze bwino. Komanso kumuuza kuti "tabwerezani zimene ndanena" kumamveka ngati mayeso a ku pulayimale. Ndiye ndinasenza ndekha mlandu wa kusamvana kulikonse kumene kungakhalepo. Ndinati: "Ine ndimaiwala zinthu ndikamafotokoza. Tandiuzani mmene muchitire mawa, kuti ndione ngati sindinasiye kanthu."

Anafotokoza bwino mpaka pa malire aja. Pamenepo anati: "Ikafika 180 ndi 110, ndikuitanani."

Ndinamufunsa kuti, "Nanga mutapeza 186 pamwamba, koma 95 pansi?"

Anaganiza pang'ono n'kuti, "Ndiwapatsa kapepala, chifukwa yapansiyo sinafike."

Apa ndi pamene ndinaona phindu la kumvetsera. Ine ndinanena "kapena", iye anamva "ndi". Kusiyana kwa timawu tiwiri timeneti kukanatibweretsera mzere wa 23 wina. Ndinati: "Pamenepo sindinamveketse bwino. Imodzi yokha ikafika, kaya yapamwamba kaya yapansi, muitane." Analemba pachikuto cha kaundula ndi dzanja lake, zilembo zikuluzikulu: IMODZI YOKHA IKAFIKA.

Ataona kuti kufunsa sikukubweretsa mkwiyo, anayamba kufunsa yekha. Nanga makina akalemba Err? Ndinamuuza kuti amasule lamba, adikire pang'ono, amangenso bwino n'kuyesanso, ndipo zikabwereza aone mabatire. Nanga akabwera munthu wa mkono waukulu woti lamba sakukwana? Ndinati asakakamize, chifukwa lamba wothina amakweza nambala, aitane anamwino. Kenako anafunsa funso limene ineyo sindinaliganizire: "Nanga mayi woyembekezera?" Sindinayankhe mongoganiza. Tinapita limodzi kwa anamwino, ndipo anatiuza kuti kwa mayi woyembekezera malire ndi otsika: ikangofika 140 kapena 90 aitanidwe nthawi yomweyo, chifukwa mayiyo ayenera kuonedwa kuchipatala tsiku lomwelo. Mfundo yofunika chotere inalowa m'malangizo athu kudzera mwa wamng'ono pa gulu lonse.

Kukambirana konseku kunatenga mphindi pafupifupi khumi ndi zisanu. Mu Meyi ndinaona ngati ndilibe mphindi zimenezo, koma tsiku lotsatira ndinataya m'mawa wonse ndikuyenda m'makonde a mu Limbe.

Tsiku la ntchito ndinadutsa pathebulo kamodzi cha m'ma 9 koloko, monga ndinamuuziratu kuti ndidzatero. Kumuuziratu n'kofunika. Ukangotulukira mwadzidzidzi n'kuyamba kusanthula kaundula, munthu amaona ngati sukumukhulupirira. Ukanena kale kuti "ndidzabwera nthawi yakuti kudzaona ngati pali chosowa," kubwerako kumakhala gawo la ntchito. Ndinaona kuti mayi wina akuyezedwa atapingasa miyendo. Sindinanene pamaso pa anthu. Ndinadikira mayiyo adzuke, n'kumunong'oneza mtsikanayo kuti akumbukire za mapazi. Cha m'ma 11 koloko ndili pakati pa kukambirana ndi mkulu wa mpingo, mnyamata wa Apatifainda anabwera akuthamanga n'kuima pakati pathu. "Pepani, akuti mubwere msanga kuthebulo." Anali agogo ena, yapamwamba itadutsa 180, yapansi isanafike 110. Anali atakhala pampando, mtsikana uja akucheza nawo modekha kuti asachite mantha, ndipo anamwino anali kale m'njira.

Sindikunena kuti mawu abwino amathetsa zonse. Pali ntchito zimene sungatume munthu wosaphunzitsidwa ngakhale utafotokoza bwino chotani, ndipo kudziwa zimenezo ndi udindo wa wotuma. Palinso nthawi imene munthu wamva bwinobwino koma wanyalanyaza, ndipo imeneyo ndi nkhani ina yofunika kukambirana pambali. Koma ndisanafike poganiza kuti munthu wanyalanyaza, masiku ano ndimayamba ndabwereza mumtima mawu enieni amene ndinanena, osati amene ndinkatanthauza. Kawirikawiri ndimapeza kuti mbali yofunikayo inatsala m'mutu mwanga.

Ndazionanso kunyumba. Apongozi anga amamwa mankhwala a bipi tsiku lililonse, ndipo ndikamachoka ndinkangouza mwana wa mchemwali wanga amene timakhala naye kuti, "Uwaoneko agogo." Kuwaona kumeneko n'kutani? Kusuzumira pakhomo? Tsopano ndimati: "Agogo amwe piritsi limodzi la m'botolo ili 7 koloko m'mawa. Ukhale pomwepo mpaka ameze. Akakana kapena akanena kuti akumva chizungulire, undiimbire, usawapatse lina." Iye ndi mwana wa m'nyumba, "iwe" ndi woyenera, ndipo sadandaula. Chimene chinkamuvuta kale si kusowa kwa "inu". Chinali kukalipiridwa madzulo pa zinthu zimene sanauzidwe m'mawa.

Mtsikana uja tsopano ndi amene amaphunzitsa atsopano pathebulo la bipi. Mwezi wathawu ndinaima chapatali ndikumumvetsera akufotokozera mnyamata wina amene wangolowa kumene m'gulu. Anamutchula "achimwene", anamufunsa ngati ali ndi mpata, anamuuza manambala mmodzimmodzi osazungulira. Pomaliza anatsegula chikuto cha kaundula n'kumuonetsa zilembo zikuluzikulu zija. Kenako ndinamumva akuti: "Ine ndimaiwala zinthu ndikamafotokoza. Tandiuzani mmene muchitire." Mnyamatayo anayamba kufotokoza, ndipo ine ndinabwerera kukanyamula mabenchi.